Kaundula wa madandaulo pa ofesi ya madzi: mafunso ndi mayankho

Ofesi iliyonse yogulitsa madzi kapena magetsi imalandira madandaulo tsiku ndi tsiku. Ena amafika pakauntala, ena amaimba foni, ena amangomugwira pulambala m'njira n'kumuuza. Mwezi ukatha, abwana amafuna kudziwa kuti anthu adandaula kwambiri za chiyani, ndiponso kuti ofesi imatenga nthawi yaitali bwanji kuti ithetse vuto. Mayankho ali m'munsimu akufotokoza kamangidwe ka kaundula woyankha mafunso awiriwo mu Excel. Chitsanzo chathu ndi ofesi yaing'ono ya madzi ya pa boma, yonga nthambi za mabungwe asanu a madzi a m'Malawi: la Lilongwe, la Blantyre, ndi a zigawo za kumpoto, pakati ndi kummwera. Manambala onse a madandaulo ndi ongoyerekeza, koma kawerengedwe kake ndi kenikeni, ndipo kamagwiranso ntchito pa ofesi ya magetsi.

Tili kale ndi buku la pakauntala lomwe timalembamo madandaulo. Kaundula ameneyu akusiyana nalo pati?

Buku la pakauntala limasunga nkhani ya munthu mmene waifotokozera, ndipo ntchito imeneyo limaigwira bwino. Chimene silingathe ndi kuwerengera. Mlembi wina amalemba "madzi sakutuluka", wina "mpopi wauma", wina "kwathu kulibe madzi kuyambira dzana". Vuto ndi limodzi, koma kuti mudziwe kuti lachitika kangati muyenera kuwerenga tsamba lililonse. Chinanso, mabuku ambiri otere ali ndi tsiku lolandira dandaulo koma alibe malo olembapo tsiku lomwe vutolo latha.

Kaundula amene tikunena pano ali ndi malamulo atatu. Dandaulo lililonse limatenga mzere umodzi wokha. Mzere uliwonse umakhala ndi gulu limodzi, losankhidwa pamndandanda wokhazikika. Ndipo mzere uliwonse umakhala ndi nthawi ziwiri, yolandira ndi yotsekera. Buku musalitaye. Magetsi akazima kapena kompyuta ikavuta, lembani m'bukumo madanga omwewo, ndipo muwakopere mu kompyuta tsiku lomwelo kapena mawa lake, mukusunga nthawi yeniyeni yomwe munthuyo anafika.

Ndiye pakhale madanga ati?

Madanga 12 ndi okwanira. Mzere woyamba ukhale wa mitu yake, ndipo madandaulo ayambire pa mzere wachiwiri:

```
A Nambala     B Kulandira   C Njira      D Akaunti
E Dera        F Gulu        G Wanena     H Wopatsidwa
I Kutseka     J Chifukwa    K Maola      L Masiku_otsegula
```

Nambala ndi imene mumamupatsa kasitomala kuti akabweranso asayambenso kufotokoza nkhani yonse. Kulandira ndi Kutseka ndi tsiku pamodzi ndi ola lake. Njira ikunena ngati dandaulo lafika pakauntala, pafoni, m'kalata kapena kudzera mwa wogwira ntchito. Akaunti ndi nambala ya pa bilu kapena ya mita, ndipo ndi yabwino kuposa dzina chifukwa silembedwa mosiyanasiyana, komanso lipoti likamazungulira m'maofesi mayina a anthu sayenda nalo. Wopatsidwa likhale dzina la munthu mmodzi, osati "apulambala" kapena "a zamabilu", poti dandaulo lopatsidwa gulu la anthu limasowa mwini. Madanga awiri omalizawo salembedwa pamanja: amadzazidwa ndi fomula.

Mudzakopeka kuti muwonjezere madanga ena, monga kukula kwa paipi kapena mtengo wa zipangizo. Funso lodzifunsa ndi lakuti kodi mlembi amene ali ndi anthu asanu ndi mmodzi pamzere adzalidzaza danga limenelo? Danga lomwe limasiyidwa lopanda kanthu pa theka la mizere silingakuuzeni chilichonse chodalirika.

Magulu akhale angati, ndipo tiwasankhe bwanji?

Asapitirire asanu ndi atatu, kuti mlembi aziwasunga m'mutu. Muyezo wosankhira ndi uwu: madandaulo awiri akhale m'magulu osiyana ngati amathetsedwa ndi anthu osiyana, kapena ngati mwachibadwa amatenga nthawi yosiyana kwambiri. Pa ofesi ya madzi mndandanda ungakhale wotere:

```
Palibe madzi
Paipi
Bilu
Mita
Madzi akuda
Kulumikiza
Khalidwe
Zina
```

Paipi ndi ya kuphulika ndi kudontha konse. Mita ikuphatikiza mita yoima, yobedwa, ndi mita yolipiriratu imene ikukana mayunitsi. Kulumikiza ndi kwa omwe akudikira madzi koyamba ndi omwe analipira atadulidwa koma sanabwezeretsedwe. Khalidwe ndi la madandaulo okhudza mmene ogwira ntchito awalandirira anthu.

Lembani magulu amenewa papepala lina la fayilo yomweyo, kenaka sankhani danga F lonse, pitani pa Data, pa Data Validation, musankhe List n'kuloza mndandandawo. Mukatero mlembi amangosankha, salemba. Zimenezi n'zofunika chifukwa kwa kompyuta "Paipi" ndi "Payipi" ndi magulu awiri, ndipo ngakhale kampata kosaoneka kumapeto kwa mawu kamachititsa kuti mzerewo usawerengedwe. Chitani chimodzimodzi pa Dera ndi pa Njira.

Muziyang'anira gulu la Zina. Likayamba kutenga dandaulo loposa limodzi pa khumi aliwonse, werengani mizere yake. Mudzapeza kuti mwina muli gulu latsopano lomwe likufuna dzina lake, kapena alembi akuthawirako pofuna kufulumira.

Munthu akabwera kuti bilu yakwera, koma pofufuza n'kupeza kuti paipi ikudontha pansi kuseri kwa nyumba yake, dandaulolo ndi la Bilu kapena la Paipi?

Ndi la Bilu, ndipo lisasinthidwe. Danga la Gulu limanena chimene kasitomala wadandaula nacho pofika. Chimene mwapeza mutafufuza chimapita m'danga J, la Chifukwa, lomwe limadzazidwa potseka.

Kusiyanitsa ziwirizi kumakupatsani zambiri. Tiyerekeze kuti mwezi wina mwalandira madandaulo 20 a bilu. Potseka mwapeza kuti 11 anabwera chifukwa mita sinawerengedwe ndipo bilu inangoyerekezedwa, 5 chifukwa cha kudontha kwa mkati mwa mpanda wa kasitomala, kupitirira mita, 3 chifukwa wowerenga mita analemba nambala yolakwika, ndipo limodzi linali la ndalama zolipiridwa zomwe sizinalowe mu akaunti. Gulu lakuuzani kuti anthu akulira ndi mabilu. Chifukwa chakuuzani kuti ntchito yaikulu ili kwa owerenga mamita, osati kwa okonza mabilu. Mukanasintha gulu pa mzere uliwonse mutadziwa gwero lake, chimodzi mwa ziwirizi chikanatayika.

Palinso choopsa china. Gulu likamasinthidwa potseka, munthu wofuna kukongoletsa manambala a chigawo chake angathe kusamutsira madandaulo ochedwa ku gulu la anzake. Choncho gulu lisinthidwe pokhapokha mlembi atalakwitsa kusankha, ndipo asinthe ndi woyang'anira kaundula yekha.

Nthawi iyambe kuwerengedwa liti, ndipo iime liti?

Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo mugwirizanepo musanalembe fomula ngakhale imodzi. Nthawi iyambe pamene dandaulo lafika koyamba kwa wogwira ntchito wina aliyense wa ofesi. Isayambe pamene mlembi wapeza mpata wolilowetsa mu kompyuta, kapenanso pamene pulambala wapatsidwa ntchitoyo. Dandaulo limene lagona masiku awiri pa tebulo lisanaperekedwe kwa wokonza lachedwa masiku awiri, ndipo kasitomala masiku amenewo wawawerenga.

Nthawi iime pamene vuto latha kwa kasitomalayo. Pa gulu lililonse lembani chiganizo chimodzi chonena tanthauzo la kutha. Pa Palibe madzi, ndi pamene madzi atuluka pampopi wake. Pa Paipi, ndi pamene kudontha kwaleka ndipo madzi atsegulidwanso, osati pamene vavu yatsekedwa kuti madzi asiye kutayika. Pa Bilu, ndi pamene bilu yakonzedwa mu akaunti, kapena pamene munthuyo wafotokozeredwa chifukwa chake biluyo ndi yolondola. Mawu akuti "tatumiza kulikulu" kapena "tapita kukaona" satseka dandaulo.

Ndi bwino kuti wokonza asamatseke yekha dandaulo lake. Iye abweretse uthenga wakuti wamaliza ndi nthawi yomwe wamalizira, mlembi amuimbire kasitomala kutsimikiza, kenaka alembe nthawi imene ntchito inathayo m'danga I. Chizindikiro chakuti lamulo limeneli silikutsatidwa n'chosavuta kuona: mudzapeza madandaulo ambiri atatsekedwa pa ola limodzimodzi, kawirikawiri Lachisanu madzulo kapena tsiku lomaliza la mwezi. Nthawi zoterozo si za kutha kwa ntchito, ndi za kudzaza kaundula.

Fomula yowerengera maola ndi yotani?

Excel imasunga tsiku ngati nambala, ndipo tsiku lathunthu ndi 1. Maola ndi tizigawo ta 1 ameneyo, moti 12 koloko masana ndi 0.5. Lachisanu pa 7 Malichi 2025 nthawi ya 16:30 limasungidwa ngati 45723.6875. Ndiye kuchotsera nthawi yolandira pa nthawi yotsekera kumakupatsani masiku, ndipo kuchulukitsa ndi 24 kumakupatsani maola. Mu K2 lembani izi, n'kuzikokera m'munsi:

```
=IF(I2="","",(I2-B2)*24)
```

Dandaulo lomwe lafika Lachisanu lija 16:30 n'kutsekedwa Lolemba pa 10 Malichi nthawi ya 08:30 lipereka masiku 2.67, omwe ndi maola 64. Danga K liikeni pa Number, apo ayi Excel ikhoza kukuonetsani yankho ngati tsiku la pakalendala.

Gawo loyamba la fomulayi, lomwe likuti ngati I2 mulibe kanthu musalembe kanthu, musalichotse. Popanda ilo, Excel imatenga kabokosi kopanda kanthu ngati ziro, ndipo dandaulo lililonse losatsekedwa limaonetsa maola opitirira miliyoni imodzi okhala ndi chizindikiro chochotsera. Mzere umodzi wotere umawononga avareji ya mwezi wonse.

Polemba nthawi ya panopo, dinani Ctrl+; kuti mulowetse tsiku, musiye kampata, kenaka Ctrl+Shift+; kuti mulowetse ola. M'madanga B ndi I musalembemo `=NOW()`. Fomula imeneyo imasintha nthawi iliyonse fayilo ikatsegulidwa, ndiye mawa mudzapeza madandaulo onse akuoneka ngati angofika kumene. Pa makompyuta ena, malinga ndi mmene anawatcherera, zigawo za fomula zimalekanitsidwa ndi ; m'malo mwa koma.

Tingadziwe bwanji kuti masiku ena alowa molakwika?

Vuto lofala kwambiri ndi la kompyuta yotcheredwa mwa Chimereka, yomwe imayamba ndi mwezi kenaka tsiku. Inu mukalemba 07/03/2025 mukutanthauza 7 Malichi, iyo imamva 3 Julaye. Mukalemba 10/03/2025 imamva 3 Okutobala. Dandaulo lathu la maola 64 lija limatuluka ndi maola 2,200, ndipo palibe chenjezo lililonse chifukwa masiku onse awiri ndi enieni pakalendala. Mukalemba 25/03/2025, kompyutayo imalephera kupeza mwezi wa 25, ndiye imasunga zomwe mwalembazo ngati mawu wamba, ndipo fomula imaonetsa `#VALUE!`.

Njira yodzitetezera ndi kuika madanga B ndi I pa kaonekedwe kosonyeza dzina la mwezi. Pa Format Cells, pa Custom, lembani `dd-mmm-yyyy hh:mm`. Mlembi akalemba tsiku la Malichi n'kuona Jul, adziwa pompo kuti china chalakwika. Chizindikiro china n'chakuti tsiku lenileni limakhala kumanja kwa kabokosi, pamene losungidwa ngati mawu limakhala kumanzere. Mukakayika, `=ISNUMBER(B2)` iyankha TRUE ngati tsikulo lili bwino.

Musanatulutse lipoti la mwezi, sanjani danga K kuyambira nambala yaikulu kufika yaing'ono, ndipo muyang'ane mizere isanu yapamwamba ndi isanu yapansi. Maola okhala ndi chizindikiro chochotsera akutanthauza kuti dandaulo latsekedwa lisanafike, zomwe sizingatheke. Maziro ambiri akutanthauza kuti wina akulemba nthawi zonse ziwiri pamodzi ntchito itatha kale.

Nanga Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi tiziwerengera?

Zitengera gulu. Paipi yophulika siyembekeza Lolemba, ndipo banja lopanda madzi limavutika Lamlungu monga momwe limavutikira Lachitatu. Pa Palibe madzi, Paipi ndi Madzi akuda werengerani maola onse, usana ndi usiku. Pa Bilu ndi Kulumikiza, zomwe zimagwiridwa ofesi ikakhala yotsegula, mungathe kuwonjezera danga lowerengera masiku ogwira ntchito okha:

```
=IF(I2="","",NETWORKDAYS(B2,I2,Tchuthi)-1)
```

Tchuthi ndi dzina lomwe mwapatsa mndandanda wa masiku a tchuthi a chaka chimenecho, monga 15 Januwale, 3 Malichi ndi 6 Julaye, pamodzi ndi masiku omwe boma lalengeza tchuthi chikagwera kumapeto kwa sabata. Mndandandawo umalembedwa pamanja chaka ndi chaka, poti Excel sidziwa kalendala ya Malawi. Tikuchotsera 1 chifukwa NETWORKDAYS imawerenga tsiku loyamba ndi lomaliza lomwe, moti dandaulo lofika n'kutha tsiku limodzi limaoneka ngati latenga tsiku lathunthu. Dandaulo lathu la Lachisanu mpaka Lolemba lipereka tsiku limodzi logwira ntchito, pamene pa maola linali 64. Onse awiri ndi oona, choncho lipoti linene poyera muyezo womwe lagwiritsa ntchito, ndipo miyezo iwiriyi isasakanizidwe mu avareji imodzi.

Tsopano avareji ya gulu lililonse tiipeza bwanji, ndipo tiikhulupirire mpaka pati?

Fomula iyi ikupereka avareji ya maola a madandaulo a Paipi omwe atsekedwa mu Malichi 2025:

```
=AVERAGEIFS(K:K,F:F,"Paipi",I:I,">="&DATE(2025,3,1),I:I,"<"&DATE(2025,4,1))
```

Ikaonetsa `#DIV/0!` ndiye kuti palibe dandaulo la gulu limenelo lomwe latsekedwa m'mweziwo, kapena dzina la gulu mwalilemba mosiyana ndi la pamndandanda.

Tiyerekeze kuti madandaulo asanu a Paipi atenga maola 4, 5, 6, 9 ndi 96. Onse pamodzi ndi maola 120, ndipo kugawa ndi 5 kukupereka avareji ya maola 24. Koma taonani: palibe ngakhale limodzi lomwe latenga nthawi yoyandikira maola 24. Anayi anatha mkati mwa maola 9, ndipo limodzi linadikira chipangizo masiku anayi. Wowerenga avareji yokhayo aganiza kuti apulambala amatenga tsiku lathunthu pa ntchito iliyonse, pamene vuto lenileni lili ku nyumba yosungira zipangizo.

N'chifukwa chake pambali pa avareji pamafunika nambala yapakati, imene mumaipeza mukasanja maola onse n'kutenga ya pakatikati. Apa ndi 6. Fomula yake ya gulu limodzi, yowerenga mizere yonse yotsekedwa kuyambira 2 mpaka 500, ndi iyi, ndipo pa Excel yakale imalowetsedwa podina Ctrl+Shift+Enter:

```
=MEDIAN(IF((F2:F500="Paipi")*ISNUMBER(K2:K500),K2:K500))
```

Avareji ndi nambala yapakati zikayandikana, ntchito ikuyenda mofanana. Avareji ikaposa kwambiri, fufuzani madandaulo ochepa omwe akakamira penapake.

Pewaninso avareji imodzi ya ofesi yonse. Ngati m'mwezi womwewo madandaulo atatu a Bilu atenga maola 48, 72 ndi 120, avareji yawo ndi 80. Kuphatikiza asanu ndi atatu onsewo kukupereka maola 360 kugawa ndi 8, omwe ndi 45. Nambala imeneyi sikunena za apulambala kapena za okonza mabilu. Mwezi wa mvula, mapaipi akachuluka, idzatsika popanda aliyense kufulumira, chifukwa chabe ntchito zachangu zachuluka kuposa zochedwa. Ndipo ngati abwana aifunabe, iwerengedwe kuchokera pa mizere yonse. Kuphatikiza 24 ndi 80 n'kugawa ndi 2 kukupereka 52, yomwe ndi yolakwika, poti magulu awiriwa alibe madandaulo ofanana kuchuluka.

Avareji yathu ikuoneka yabwino, koma anthu akupitirizabe kudandaula kuti timachedwa. Chikuchitika n'chiyani?

Avareji imawerenga madandaulo otsekedwa okha. Dandaulo lomwe silinathetsedwe lilibe maola, choncho silimalowa m'masamu, ngakhale litakhala miyezi itatu. Zili ngati mphunzitsi amene akuwerengera avareji ya kalasi atatulutsa panja ana onse omwe sanamalize mayeso.

Tibwerere ku Bilu. Atatu otsekedwa aja apereka maola 80. Koma tiyerekeze kuti palinso awiri osatsekedwa, lina lakhala masiku 20 ndipo lina masiku 30, omwe ndi maola 480 ndi 720. Mlembi wakhama akawathetsa lero, maola onse akhala 1,440, ndipo kugawa ndi 5 kupereka 288, omwe ndi masiku 12. Avareji yakwera kuchoka pa 80 kufika pa 288 tsiku lomwe ofesi yagwira ntchito yabwino. Ogwira ntchito akazindikira zimenezi, ndipo abwana akamawayeza ndi avareji yokha, amaphunzira kuthamangira madandaulo atsopano osavuta n'kusiya akale agone.

Mankhwala ake ndi danga L, lomwe limawerenga masiku amene dandaulo losatsekedwa lakhala likudikira. Apa ndi pamene NOW ili pamalo pake, poti tikufuna kuti nambalayo izikula tsiku ndi tsiku:

```
=IF(AND(B2<>"",I2=""),NOW()-B2,"")
```

Kuchokera pamenepo werengani kuti otsegula alipo angati, ndipo angati adutsa malire, mwachitsanzo `=COUNTIFS(F:F,"Bilu",L:L,">14")` pa omwe apitirira masabata awiri. Avareji ikatsika koma chiwerengero cha otsegula chikukwera, ofesi sikufulumira. Avareji ikakwera mwezi umodzi koma otsegula akale achepa, ndiye kuti ngongole ya ntchito ikubwezedwa, ndipo woyenera kuyamikiridwa ndi amene wakweza avarejiyo.

Paipi yaikulu ikaphulika n'kuimba anthu 40 a dera limodzi, tilembe mizere 40 kapena umodzi? Nanga munthu akabweranso ndi vuto lomwe tinatseka?

Lembani mizere 40, poti aliyense wadandaula ndipo aliyense ayenera kuyankhidwa. Koma m'danga J lembani nambala ya dandaulo loyamba pa mizere yonseyo, kuti zidziwike kuti gwero ndi limodzi. Chifukwa chake n'chakuti mizere 40 imakoka avareji kwambiri. Paipiyo ikakonzedwa msanga, mwezi wonse umaoneka wokoma. Ikachedwa, ntchito zina zonse zabwino zimabisika. Choncho pofuna kudziwa mmene makasitomala avutikira werengani mizere yonse, koma pofuna kuyeza liwiro la okonza werengani mzere woyamba wokha, pakuti amene anaimba ntchito ili pafupi kutha amaonetsa maola ochepa omwe sakunena zoona za kukonzako.

Za wobweranso, ikani malire, mwachitsanzo masiku 7. Akabwera mkati mwa masiku amenewo ndi vuto lomwelo pa akaunti yomweyo, musampatse nambala yatsopano. Fufutani nthawi ya m'danga I pa mzere wakale, mulembe m'danga J kuti latsegulidwanso, ndipo nthawi ipitirize kuwerengedwa kuchokera tsiku loyamba lija. Mukapanda kutero, paipi yomangidwa ndi mphira imene yaphulika katatu imaoneka m'kaundula ngati ntchito zitatu zachangu, pamene ndi ntchito imodzi yomwe sinathe. Kusanja kaundula potsata danga D kumaonetsa msanga maakaunti omwe akubwerezabwereza.

Lipoti la pamwezi likhale ndi chiyani, ndipo tiliwerenge bwanji?

Tsamba limodzi, mzere umodzi pa gulu lililonse. Mzerewo unene madandaulo olandiridwa m'mweziwo, otsekedwa, avareji, nambala yapakati, gawo la omwe atha mkati mwa nthawi yomwe ofesi inalonjeza, otsegula pakutha pa mwezi, ndi masiku a dandaulo lakale kwambiri. Ngati lonjezo la Paipi ndi maola 24, gawolo limapezeka motere:

```
=COUNTIFS(F:F,"Paipi",K:K,"<=24")/COUNTIFS(F:F,"Paipi",K:K,">=0")
```

Pa chitsanzo chathu ndi anayi mwa asanu, kapena 80 pa 100 aliwonse. Chiwerengero cha otsekedwa chikhale pafupi ndi avareji nthawi zonse, chifukwa avareji ya madandaulo atatu imagwedezeka ndi dandaulo limodzi lokha, ndipo si yoyenera kuweruzira munthu. Manambala a otsegula akopereni papepala la lipoti tsiku lomaliza la mwezi, poti danga L limasintha mawa lake.

Pali masamu amodzi otsimikizira kuti kaundula ali bwino. Otsegula a kumayambiriro kwa mwezi, kuphatikiza olandiridwa, kuchotsera otsekedwa, ayenera kufanana ndi otsegula a kumapeto. Mwayamba ndi 12, mwalandira 90, mwatseka 85, ndiye otsala akhale 17. Mukapeza 14, mizere itatu yafufutidwa kapena yatsekedwa ndi tsiku la mwezi wina. Mukapeza 19, onani ngati pali awiri a mwezi wathawo omwe atsegulidwanso.

Pa msonkhano, yambani ndi danga lomaliza la lipotilo. Tengani madandaulo asanu akale kwambiri, muwatchule ndi nambala zawo, ndipo amene dzina lake lili m'danga H anene chomwe chikuwaimitsa ndi tsiku lomwe adzathe. Mukatha pamenepo ndiye muyang'ane avareji ya gulu lililonse, mukuiyerekeza ndi ya gulu lomwelo mwezi wathawo.